Ulendo umodzi, ndege ziwiri: mawu a pa tikiti amene mlendo wa ndege ayenera kuwamva

Palibe ndege imene imanyamuka ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kukatera ku Ulaya, ku America kapena ku Asia osaima penapake. Wopita kutali amayamba watera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, n'kukwera ndege ina kumeneko. Choncho Mmalawi amene akukwera ndege koyamba amakumana ndi gawo lovuta la ulendo tsiku loyamba lomwelo, ali yekha pa bwalo lachilendo, zikwangwani zonse zili m'Chingerezi cha anthu a ndege, chomwe ngakhale wophunzira bwino chimamusokoneza. Ambiri mwa mafunso ali m'munsiwa akutsata ulendo umodzi, wochoka ku Lilongwe kupita ku London kudzera ku Addis Ababa. Mawu a Chingerezi talemba monga momwe mudzawaonere pa tikiti ndi pa zikwangwani, kuti mukawazindikire.

Mwana wanga wanditumizira tikiti pa foni, koma ndikungoona zilembo ndi manambala. Ndiyambire pati?

Yambirani pa zilembo zitatuzitatu, chifukwa amenewo ndi mayina a mabwalo a ndege. LLW ndi bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, BLZ ndi la ku Chileka, ADD ndi Addis Ababa, NBO ndi Nairobi, JNB ndi Johannesburg. Mzinda waukulu umatha kukhala ndi mabwalo angapo. Ku London, LHR ndi Heathrow pamene LGW ndi Gatwick, ndipo awiriwa ndi otalikirana, ulendo woposa ola limodzi pa basi. Wokakuchingamirani muuzeni zilembozo, osangoti "ndikutera ku London".

Tiyerekeze kuti pa tikiti yanu palembedwa chonchi. Nthawizi ndi zongoyerekeza, zanu zidzakhala zina.

```
12JUN  LLW 14:30   ADD 19:20
13JUN  ADD 01:05   LHR 06:50
```

Mzere uliwonse ndi ndege imodzi. Nthawi yolembedwa pafupi ndi bwalo ndi nthawi ya m'dziko la bwalolo, osati ya kwathu. Addis Ababa ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndiye ngakhale zikuoneka ngati mukhala m'mwamba maola 4 ndi mphindi 50, zoona zake ndi maola 3 ndi mphindi 50. Mzere wachiwiri ukuoneka ngati maola 5 ndi mphindi 45, koma m'mwezi wa Juni London ili kumbuyo kwa Addis Ababa ndi maola 2, choncho mudzakhala pampando maola 7 ndi mphindi 45. Mukatera, sinthani wotchi yanu nthawi yomweyo. Foni imene sinalumikizike ku netiweki imatha kupitiriza kuonetsa nthawi ya ku Malawi, ndipo ola limodzi limenelo ndi lokwanira kuti ndege ikusiyeni.

Onaninso tsiku. Ndege ya 01:05 pa 13 Juni imanyamuka usiku wa pa 12, pakati pa usiku patangodutsa. Pa ulendo uwu simungalakwitse chifukwa muli kale pa bwalo, koma ndege yanu yoyamba ikakhala ya nthawi yotere, muyenera kuchoka kunyumba madzulo a tsiku la dzulo lake. Matikiti ena amangoika +1 pambali pa nthawi yofikira, kutanthauza kuti mudzafika tsiku lotsatira.

Chomaliza chofunika kuchipeza ndi kagulu ka zilembo ndi manambala 6, kolembedwa pafupi ndi mawu akuti *Booking reference* kapena *PNR*. Wa pa kauntala akalemba zimenezo pamodzi ndi dzina lanu, ulendo wanu wonse umaoneka pa kompyuta yake. Zilembeni pa pepala, muike m'thumba la pasipoti, chifukwa foni imatha moto.

Kodi *connecting flight* ndi chiyani, nanga ikusiyana bwanji ndi *direct*?

*Connecting flight* ndi ndege yachiwiri imene mumakwera mutatsika yoyamba, kuti mupitirize ulendo womwewo. Pa tikiti ya pamwambayo, ya ku Addis Ababa kupita ku London ndiyo imeneyo. Mumatsika ndi chikwama chanu cha m'manja, mumayenda m'kati mwa bwalo kukafuna geti lina, n'kukwera ndege ina yokhala ndi nambala ina.

Mawu osocheretsa ndi *direct*. Ambiri amaganiza kuti ndege yotere sitera panjira, koma mawuwa amangotanthauza kuti nambala ya ndege sisintha. Ndegeyo itha kutera mumzinda wina kutsitsa anthu ndi kukweza ena. Yosatera paliponse amaitcha *nonstop*. Ndege zodutsa kwathu kuno kawirikawiri zimaphatikiza mizinda iwiri pa ulendo umodzi, ndiye ndege ikatera musafulumire kudzuka. Mvetserani dzina la mzinda umene alengeza, ndipo mukakayika muonetseni wogwira ntchito m'ndege kapepala kanu kokwerera, adzakuuzani ngati mukutsika kapena mukhale.

Nanga *layover*? Ena amati *stopover*. Ndi chinthu chimodzi?

*Layover* ndi nthawi yodikira pakati pa ndege ziwiri. Pa tikiti yathu ija ndi kuyambira 19:20 mpaka 01:05, maola 5 ndi mphindi 45. Pa maulendo a pakati pa mayiko, kudikirako kukapitirira maola 24 makampani amakutcha *stopover*, ndipo pamenepo amakuonani ngati mwaima mumzindawo: katundu mumatenga, mumalowa m'dzikolo, ndipo mtengo wa tikiti umatha kusintha.

Chofunika kudziwa n'chakuti maola olembedwawo si onse anu. Ndege ikatera 19:20, pamapita nthawi kuti ifike poima, zitseko zitsekulidwe, anthu a kutsogolo atsike, mwina basi ikutengeni kukakusiyani pa khomo la bwalo. Kenako pali mzere wa achitetezo. Kumapeto kwake, anthu amayamba kukwera ndege yachiwiri kukali mphindi 45 kapena ola kuti inyamuke, ndipo geti amatseka kukali mphindi 15 kapena 20. Mukachotsa zonsezi, kudikira kwa ola limodzi ndi theka kumasanduka kuyenda mofulumira kopanda ngakhale mpata wa tiyi.

Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa imene limaloleza posinthira ndege, ndipo kompyuta ya kampani sigulitsa tikiti imodzi yokhala ndi mpata wocheperapo. Koma nthawi imeneyo anaiyezera munthu wodziwa njira, ndege itafika pa nthawi yake. Kwa woyamba kukwera, ine ndimati maola 3 ndiye abwino. Kwa gogo, kapena mayi wa mwana wamng'ono, kudikira maola 5 kuli bwino kusiyana ndi kuthamanga. Ngati miyendo imavuta, uzani wogula tikiti apemphe *Special assistance* masiku angapo ulendo usanafike. Salipiritsa, ndipo wogwira ntchito pa bwalo amakutengani pa njinga ya olumala kuchoka pa khomo la ndege mpaka pa geti lina. Ana ambiri amene amaitana makolo awo kunja saganizira za thandizo limeneli, pamene ndi limene likanawachotsera nkhawa yaikulu.

Kudikira kukakhala kwa usiku wonse, funsani ngati kampani imapereka hotela. Ena amapereka kudikira kukapitirira maola amene anaika, bola ngati ndege zonse zili pa tikiti yawo ndipo panalibe ina yofulumirapo. Funsani musananyamuke ku Lilongwe.

Ejenti wandipezera njira yotsika mtengo: tikiti ina ya ku Johannesburg, ina ya kuchokera kumeneko kupita ku London. Pali vuto?

Pa mafunso onse ali pano, ili ndi limene lingakutayitseni ndalama zambiri. Ndege ziwiri zikakhala pa tikiti imodzi, kampani yalonjeza kukufikitsani ku London. Yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, udindo ndi wawo, ndipo amakuikani pa ndege ina yotsatira osakulipiritsani. Zikakhala pa matikiti awiri, mwapangana ndi makampani awiri amene sadziwana pa nkhani yanu. Woyamba analonjeza Johannesburg basi, ndipo akakufikitsani mochedwa wathana nanu. Wachiwiri amangoona kuti simunabwere.

Tiyerekeze kuti mwatera ku Johannesburg 17:00 ndipo ya ku London ikunyamuka 19:30. Pa pepala muli ndi maola 2 ndi theka. Koma popeza matikiti ndi awiri, nthawi zambiri sutikesi yanu imathera pomwepo. Muyenera kuima pa mzere wa imigiresheni ngati munthu wolowa mu South Africa, kukadikira sutikesi pa lamba, kudutsa kwa akasitomu, kukwera kumalo onyamukira, n'kukaimanso pa kauntala ya kampani yachiwiri. Kauntala imeneyo amatseka kukali pafupifupi ola limodzi, kutanthauza 18:30. Ndiye nthawi yanu yeniyeni ndi ola limodzi ndi theka, ndipo m'menemo muchotsemo kutsika m'ndege ndi mizere yonse ija. Ndege ya ku Lilongwe ikangochedwa mphindi 40, mwina mwaphonya. Zikatero mumagula tikiti ina ndi mtengo wa tsiku lomwelo, womwe umakhala wokwera kuposa ndalama zonse munapulumutsa, ndiponso ulendo wobwerera wa pa tikiti yachiwiri ija umatha kufufutidwa.

Mungadziwe bwanji kuti ndi tikiti imodzi? Onani nambala ya tikiti, ya manambala 13, pafupi ndi mawu akuti *Ticket number* kapena *E-ticket*. Atatu oyamba amasonyeza kampani imene yatulutsa tikitiyo: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways. Ndege zonse zikakhala pansi pa nambala imodzi, muli pabwino. Kulandira zonse mu uthenga umodzi kapena pa pepala limodzi la ejenti si umboni, chifukwa ejenti atha kusindikiza matikiti awiri pa tsamba limodzi. Pogula pa intaneti, mawu akuti *Self-transfer* akutanthauza matikiti osiyana omwewa, ndipo amalembedwa mwa tizilembo ting'onoting'ono pansi pa mtengo wokopa. Ejenti mufunseni mosabisa: "Ndege yoyamba ikachedwa, adzandisamutse ndani, ndipo alipire ndani?" Akayamba kuzungulira, dziwani kuti matikiti ndi awiri.

Sikuti matikiti awiri ndi oletsedwa. Oyenda kawirikawiri amachita, koma amasiya mpata waukulu, ena amagona kumene mumzinda wosinthira. Pa ulendo woyamba, lipirani yowonjezerayo mugule imodzi.

Tikiti yanga yalembedwa dzina la kampani ina, koma pansi pali dzina linanso. Ndikwera ya ndani?

Chimenecho ndiye *codeshare*. Nambala ya ndege imayamba ndi zilembo ziwiri za kampani: ET ndi Ethiopian Airlines, KQ ndi Kenya Airways, 3W ndi Malawi Airlines, 4Z ndi Airlink, KL ndi KLM. Makampani amagwirizana kuti wina azigulitsa mipando ya m'ndege ya mnzake, ataikapo zilembo ndi nambala yake. Ndege ndi imodzi, oyendetsa ndi a kampani imodzi, koma ili ndi manambala awiri kapena kuposa. Chifukwa chake n'chosavuta: kampani imene sifika ku Lilongwe imafunabe kugulitsa tikiti yoyambira ku Lilongwe. KLM ndi Kenya Airways akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, moti munthu wa tikiti ya KL atha kupezeka m'ndege ya Kenya Airways. Ethiopian Airlines, yomwe ili ndi magawo 49 pa 100 a Malawi Airlines, ilinso m'gulu la Star Alliance kuyambira 2011, ndipo imagawana manambala ndi makampani ena a m'gululo.

Amene anakwerapo minibasi n'kuuzidwa panjira kuti "lowani iyo, talipira kale" akudziwa kale mbali ya nkhaniyi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa ndege amakuuziranitu, ndipo zimalembedwa. Fufuzani mawu awiri akuti *Operated by*. Dzina lotsatira mawu amenewo ndi la eni ndege, ndipo ndi limene mudzaliona pa mchira wa ndege, pa yunifolomu ndi pamwamba pa kauntala.

Pa tsiku la ulendo pitani pa kauntala ya eni ndege yoyamba, osati ya amene anakugulitsani. Ku Lumbadzi bwalo ndi laling'ono, simungasochere kwambiri. Koma pobwerera kuchokera ku Heathrow nkhani ndi ina, chifukwa kuli nyumba zinayi zokwererako, zolembedwa *Terminal 2*, *3*, *4* ndi *5*, ndipo kuchoka ku ina kupita ku ina nthawi zambiri kumafuna sitima kapena basi. Wopita ku nyumba ya kampani imene inamugulitsa tikiti, osati ya eni ndege, amataya theka la ola kapena kuposa. Pa sikirini ya pa bwalo, mzere umodzi umasinthasintha manambala, tsopano ET, kenako zilembo zina. Musadabwe. Onani mzinda ndi nthawi, dikirani nambala yanu ionekere pa mzere womwewo. Nambala ya kampani yongogulitsa kawirikawiri imakhala ya manambala anayi.

Pa nkhani yosintha tsiku kapena kubweza ndalama, mumabwerera kwa amene anakugulitsani, kaya ndi kampani kapena ejenti. Pa zochitika tsiku lomwelo, monga kuchedwa, mpando ndi kukula kwa chikwama cha m'manja, olamula ndi eni ndege.

Ndatsika ku Addis Ababa. Ndilowere kuti?

Musatsatire gulu. Ena mwa anthu amene mwatsika nawo afika kwawo, ndipo akupita kotulukira. Inu tsatirani chikwangwani cholembedwa *Transfer*, *Transit* kapena *Connecting flights*. Zikwangwani za *Arrivals*, *Immigration*, *Baggage claim* ndi *Exit* ndi za amene ulendo wawo wathera pomwepo. Mukaona kuti mwaima pa mzere wa anthu odinditsa mapasipoti pomwe inu mukungodutsa, bwererani mufunse.

Pa tikiti imodzi, kauntala ya ku Lilongwe imakupatsani timapepala tiwiri tokwerera, tolembedwa *Boarding pass*, kamodzi pa ndege iliyonse. Ngati anakupatsani kamodzi kokha, kachiwiri mukatenga pa *Transfer desk*. Pa kapepalako pali zinthu zitatu zoti muone. *Gate* ndi geti lokwererapo, *Seat* ndi mpando, ndipo *Boarding time* ndi nthawi yoyamba kukwera. Nthawi imeneyi ndi imene muziyendera, osati ya *Departure*, chifukwa pofika ya *Departure* zitseko zinatsekedwa kale. Geti lolembedwa ku Lilongwe masana litha kusintha pofika usiku, kapena malo ake atha kukhala opanda kanthu. Sikirini ya *Departures* ndiyo imanena zoona za nthawi imeneyo. Pitani kaye mukalione geti lanu ndi maso, kenako muzikafuna chakudya.

Pa sikirinipo, *Delayed* ndi kuchedwa, *Cancelled* ndiye kuti ndegeyo siipita, *Boarding* ndiye kuti anthu akukwera. *Final call* ikaoneka thamangani, chifukwa chotsatira ndi *Gate closed*.

Achitetezo adzakusechaninso ngakhale anakusechani kale kwathu. Pa mabwalo ambiri, zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zimaloledwa m'mabotolo osapitirira mamililita 100, ndipo amayeza kukula kwa botolo, osati zotsalamo. Botolo lalikulu la mafuta odzola, madzi akumwa, uchi kapena tsabola wa m'botolo wopatsira ana kunja, zonsezi zimathera mu bini ya pamenepo. Zoterezi ikani mu sutikesi yaikulu, mutafunsa kaye ngati dziko lomwe mukupita limaloleza chakudya chimenecho.

Sutikesi yanga ndikaitenge ku Addis Ababa n'kuiperekanso?

Pa tikiti imodzi, nthawi zambiri ayi. Yankho lenileni lili pa kapepala komata kamene amamanga pa chogwirira cha sutikesi ku Lilongwe. Kasanalowe pa lamba, kawerengeni. Pakalembedwa LHR pamwamba ndi ADD pansi pake, sutikesiyo idzasamutsidwa yokha ndipo mukaipeza ku London. Pakalembedwa ADD yokha, funsani pomwepo. Adzakupatsaninso kachidutswa kakang'ono kokhala ndi nambala yomweyo, kawirikawiri amamata kuseri kwa kapepala kokwerera. Musakataye mpaka sutikesi ili m'manja mwanu.

Pali malo amene lamuloli silitero. Wopita ku Cape Town kapena ku Durban kudzera ku Johannesburg amadinditsa pasipoti ku Johannesburg, amatenga katundu wake, amadutsa naye kwa akasitomu, n'kumuperekanso, chifukwa ndege yachiwiriyo ndi ya m'dziko momwemo. Ku America nakonso mwachizolowezi katundu amatengedwa pa bwalo loyamba kuterapo. Funso loti mufunse pa kauntala ndi limodzi: "Katundu wanga ndikamuonera kuti?"

Kuchuluka kwa katundu kwalembedwa pa tikiti. 2PC ndi masutikesi awiri, ndipo pa mipando wamba iliyonse nthawi zambiri isapitirire makilogalamu 23. Simungaphatikize kuti ina ikhale 30, ina 16. Ikalembedwa 30K, akuwerenga kulemera kwa katundu yense pamodzi. Mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndalama, mapepala ndi chovala chimodzi chosinthira zikhale m'chikwama cha m'manja. Batire yotchajira foni nayonso imaloledwa m'manja mokha, chifukwa ikayaka moto kumalo a katundu palibe woiona.

Sutikesi ikapanda kutuluka ku London, musachoke m'chipinda cha malamba. Pitani pa kauntala ya katundu ya eni ndege yomaliza, muonetse kachidutswa kaja, akulembereni lipoti, mutenge nambala yake. Sutikesi zambiri zotsalira posinthira ndege zimabwera pa ndege yotsatira. Ikafika yothyoka, Pangano la ku Montreal la 1999 limakupatsani masiku 7 okha oti mudandaule molemba.

Ngati ndikungodutsa m'dziko, ndikufunikanso viza?

Zimatengera dziko, pasipoti yanu, ndiponso ngati mutuluke m'chigawo cha odutsa. Pa mabwalo ambiri, wosintha ndege pa tikiti imodzi amakhala m'kati osalowa m'dzikolo, ndipo viza safunsa. Koma pali misampha itatu yodziwika. Ku America kulibe kudutsa kwa m'kati: aliyense woterako amadutsa kwa a imigiresheni, ndiye wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ngakhale akupita ku dziko lina. Ku Britain, Malawi ili pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake zimafunika viza yodutsira ngakhale sizituluka m'bwalo, kupatula amene ali ndi zikalata zina zowamasula. Ku mayiko a Schengen, mukasintha ndege kawiri, mwachitsanzo ku Frankfurt kenako ku Paris, ndege ya pakatiyo imaonedwa ngati ya m'kati mwa chigawocho, ndiye mumayenera kulowa, ndipo kulowa kumafuna viza.

Wokukanizani woyamba sakhala wa kunja. Amakhala wa pa kauntala ku Lilongwe, chifukwa kampani imalipitsidwa ikanyamula munthu wopanda zikalata zoyenera. Pamenepo kuchonderera sikuthandiza, ndipo tikiti yotsika mtengo kawirikawiri sabweza ndalama. Funsani za viza ya dziko lililonse lolembedwa pa tikiti musanalipire.

Palinso kabuku kachikasu ka katemera wa yelofiva. Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko amene matendawa amapezeka, ndipo mayiko ena, kuphatikizapo South Africa, amafuna kabukuka kwa munthu amene wakhala pa bwalo la dziko lotere maola oposa 12. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayireni, choncho si wa dzulo la ulendo.

Ndege yoyamba yachedwa, yachiwiri yandisiya. Nditani?

Ngati tikiti ndi imodzi, musatuluke m'bwalo ndipo musagule tikiti ina. Pitani pa *Transfer desk* ya eni ndege imene yachedwayo ndi pasipoti, timapepala tokwerera ndi kachidutswa ka katundu. Mawu amene mudzamva ndi *rebook*, kutanthauza kukuikani pa ndege ina. Musanachoke pa kauntalapo dziwani zinthu zitatu: ndege yatsopano ndi ya liti, sutikesi yanu aisamutsira pa ndege yomweyo kapena ayi, ndipo ngati mugona, chakudya ndi hotela apereka ndani. Akakuuzani kuti muli pa *standby*, mpando simunaupeze, mukwera pokhapokha wina akapanda kubwera. Pemphani kuti akusungireninso mpando wotsimikizika pa ndege ina. Kenako tumizani uthenga kwa okuchingamirani, ndi nambala ya ndege yatsopano.

Zimenezi ndi za pamene wachedwa ndi kampani. Ngati munafika nthawi yabwino koma munagona pa benchi kapena munakhala pa geti lolakwika, kampani ilibe udindo, ngakhale ena amamva chisoni n'kukulipiritsani pang'ono.

Pobwerera ndikufuna kutsikira ku Johannesburg, kapena kuyambira ulendo pakati. Ndingadumphe ndege imodzi?

Ndege za pa tikiti imodzi zimakweredwa motsatana monga zalembedwera. Mukapanda kukwera imodzi, kompyuta imakulembani *No-show*, ndipo makampani ambiri amafufuta zonse zotsatira, kuphatikizapo ulendo wobwerera. Tiyerekeze munthu wa ku Blantyre amene tikiti yake ndi BLZ, LLW, ADD, LHR, koma maliro amufikitsa ku Lilongwe dzulo lake, ndiye akuti angokwerera pompo. Akafika ku Lumbadzi atha kupeza kuti mpando wake kulibe, chifukwa m'mawa sanaoneke ku Chileka. Choyenera n'kuimbira ejenti kapena kampani ndege yoyambayo isananyamuke, asinthe tikiti kuti iyambire ku Lilongwe. Pamakhala kandalama kolipira, komwe kamadalira malamulo a tikitiyo, olembedwa pansi pa mutu wakuti *Fare rules* kapena *Fare conditions*.

Kudumpha ndege yomaliza yeniyeni ya ulendo wonse sikufufutitsa china, popeza palibe chotsala, komabe kumaswa malamulo a makampani ambiri, ndiponso sutikesi yanu inamatidwa kapepala ka ku Lilongwe. Kuti aitsitse ku Johannesburg muyenera kupempha pa kauntala yoyamba, ndipo ali ndi ufulu wokana. Ngati mukufunadi kuona abale ku Johannesburg masiku angapo, uzani ejenti pogula tikiti kuti aikemo *stopover* kumeneko.